Ulemu wa chatiboti umaoneka pamene sinamve

Aliyense wa mu Linda amene anatumizapo ndalama pafoni amaidziwa kale menyu. Umaimba `*115#`, umasankha nambala, kenako nambala ina, mpaka ndalama ipite. Tsopano menyu zimenezi zafika pa WhatsApp, ndipo zayamba kupereka moni. Achinyamata amene aphunzira pang'ono za makompyuta akupemphedwa kuti apangire tchalitchi, shopu kapena kalabu chatiboti yoyankha anthu usana ndi usiku. Ambiri amathera mphamvu zawo pa moni wokoma ndi tizithunzi ta nkhope zomwetulira. Ine ndikuti mphamvuzo zikupita malo olakwika. Ubwino kapena kuipa kwa chatiboti kumaonekera pa zimene imachita pamene munthu walemba chinthu chimene iyo sinayembekezere, ndipo m'tauni ngati yathu, mmene munthu amasakaniza Chinyanja, Chizungu, Chitonga ndi Chilozi mu meseji imodzi, zimenezi zimachitika kawirikawiri.

Kuti tisalankhule zam'mwamba, tiyerekeze ntchito imodzi imene ife a pa wailesi timaidziwa bwino. Wailesi ya m'dera imalandira zidziwitso za maliro, za zinthu zotayika monga chitupa cha NRC, ndi moni wopita kwa abale. Tinene kuti tikufuna kuti munthu wa ku Linda, Maramba kapena Dambwa azitha kutumiza chidziwitso pa WhatsApp osakwera takisi. Chatiboti yake si yanzeru zozama ayi. Ndi njira chabe imene munthu walemberatu: ikamva ichi iyankhe ichi, ikamva icho ipite uko. Mawu onse amene idzanene ndi a wolembayo, choncho ikachita mwano, wamwano ndi iye.

Moni ndi funso, ndipo funso limayankhidwa

Cholakwika choyamba chimabwera chifukwa chofuna kuchita ulemu. Wolemba amayamba ndi “Muli bwanji?” ndipo pansi pake amaika menyu ya manambala. Koma munthu woleredwa bwino akafunsidwa kuti muli bwanji, sayankha kuti 2. Amayankha kuti “Bwino, kaya inu?” Chatiboti inali kudikira nambala, ndiye imamuuza kuti yankho lake n'lolakwika. Munthu wadzudzulidwa chifukwa chobweza moni. Pali njira ziwiri zokonzera. Mungasiye funsolo n'kulemba kuti “Takulandirani”, mawu aulemu amene safuna yankho. Kapena mungafunse, koma mukonzeretu kuti mawu ngati “bwino”, “tiliko” ndi “mushe” alandiridwe ndi “Zikomo, nafenso tili bwino”, kenako menyu ibwere. Pa wailesi yathu yoyerekezayi ndingasankhe njira yoyamba, chifukwa wobwera ndi uthenga wa maliro sayenera kukakamizidwa kunena kuti ali bwino.

Moni wotsata nthawi nawonso uli ndi msampha. Kuno timati “Mwauka bwanji” m'mawa ndi “Mwachoma bwanji” dzuwa likapendeka, pamene ku Malawi amati “Mwadzuka bwanji” ndi “Mwaswera bwanji”. Amene wakopera mawu m'buku la ku Lilongwe adzamveka ngati mlendo. Kuwonjezera apo, makompyuta ambiri amene amasunga mapulogalamuwa amayendera nthawi ya UTC, imene ili kumbuyo kwa ya Zambia ndi maola 2. Mukaiwala kusintha, pa 13:00 chatiboti idzaganiza kuti ndi 11:00 ndipo idzafunsa munthu wodya nsima ya masana ngati wauka bwino.

Pa kaitanidwe, lamulo ndi limodzi: nthawi zonse “inu”, osati “iwe”. Chatiboti siona ngati wolemba ndi mnyamata wa giredi 9 kapena ambuye a zaka 70 amene abwereka foni ya mdzukulu. Musalembe “amai” kapena “atate” mongoganizira, ndipo musalembe “bwana” kapena “mudala” pofuna kumveka ngati wa m'komboni. “Sankhani”, “lembani” ndi “pepani” zimakwanira aliyense. Chizungu chili ndi `you` mmodzi wa mwana ndi wamkulu yemwe, n'chifukwa chake meseji yomasuliridwa mothamanga kuchoka ku Chizungu imatha kutuluka ndi “sankha”, mawu amene sungauze apongozi ako.

Meseji yoyamba ikhale ya zinenero ziwiri, yaifupi, ndipo inene poyera kuti amene akuyankha si munthu:

```
Takulandirani. Akuyankhani ndi makina a wailesi.
Welcome. This is the radio's automated line.
1. Chinyanja
2. English
```

Munthu akasankha, sungani chisankho chake kuti mawa asafunsidwenso. Ndipo ngati sanasankhe nambala koma walemba kuti “nifuna kutuma uthenga wa malilo”, ameneyo wasankha kale chinenero komanso wanena chimene akufuna. Kumubweza ku funso la chinenero kuli ngati kalaliki amene wamva zonse koma akuti yambani mwadzaza fomu.

Menyu ilembedwe m'Chinyanja poyamba

Zida zimene timagwiritsa ntchito zili ndi malire, ndipo malirewo amapweteka Chinyanja kuposa Chizungu. Pa WhatsApp Business Platform, meseji imodzi imalola mabatani osapitirira 3, ndipo dzina la batani lisapitirire zilembo 20. Mndandanda wotsika umalola zosankha 10, chilichonse zilembo 24. Tsopano werengani nokha. `Talk to a person` ndi zilembo 16, kuphatikiza mipata. `Lankhulani ndi munthu` ndi 21, ndiye batanilo lidzakanidwa chifukwa cha chilembo chimodzi. Amene anayamba ndi Chizungu amafika apa n'kuyamba kudula mawu mpaka asamvekenso. Amene anayamba ndi Chinyanja amafunsa kuti kodi munthuyo akanalemba yekha akanati chiyani, n'kupeza `Ndifuna munthu`, zilembo 14. Chizungu chidzakwana m'malo amene Chinyanja chakwana. Kubwerera kwinako sikutheka nthawi zonse.

Menyu ya wailesi yathu ingakhale motere:

```
Tikuthandizeni ndi chiyani?
1. Maliro
2. Zotayika
3. Moni kwa abale
4. Mitengo
0. Ndifuna munthu
```

Zosankha ndi zisanu chabe, ngakhale malo alipo a 10, chifukwa munthu amawerenga ali m'basi kapena akugulitsa pa kantemba. Mayinawo ndi a zinthu zimene iye wabwera nazo, osati a maofesi athu. Sadziwa ngati nkhani yake ndi ya a zamalonda kapena a mapulogalamu, amadziwa kuti kwawo kuli maliro. Manambala akhale omwewo m'zinenero zonse ziwiri, kuti mwana wowerenga Chizungu akauza amai ake kuti “dinani 2”, onse afike malo amodzi. Ndipo `0` atanthauze munthu pa sitepe iliyonse, osati pano munthu, apo kubwerera kumbuyo.

Ngati chatiboti yanu idzayendanso pa SMS, kuti a mafoni a mabatani asatsale, samalani ndi kachilembo kamodzi. Meseji wamba imanyamula zilembo 160. Koma mukaikamo chilembo chimene mulibe m'gulu la GSM-7, malire amatsika kufika pa 70. Chilembo cha `ŵ` chimachita zimenezi, nkhope yomwetulira imachita zimenezi, ndiponso kampatuko kopindika kamene mapulogalamu olembera amaika okha m'mawu ngati m'mawa ndi ng'ono. Koongoka `'` n'kololedwa, kopindika `’` ayi. Meseji ya zilembo 150 imene ikanapita ngati imodzi imagawika patatu, chifukwa chigawo chilichonse chimangonyamula 67, ndipo wailesi imalipira katatu pa munthu aliyense.

Ilankhule mwaulemu, imve za m'komboni

Apa pali maganizo amene ndimaumirira. Chinyanja chimene chatiboti imalankhula ndi chimene imamva siziyenera kufanana. Polankhula, igwiritse ntchito mawu oyera, osavuta, amene wa ku Chipata ndi wa ku Libuyu onse angamve. Pomvetsera, ilandire zonse zimene zala zathu zimalemba.

Tengani “inde” ndi “ayi”. Buku limati inde, koma ndi angati mu Linda amene amalemba choncho? Timalemba “ee”, “eee”, “ehe”, `ok`, `yes`, `ya`. Wina adzalemba “inzya” m'Chitonga, wina “eni” m'Chilozi. Pokana pali “ayi”, “iyayi”, “awe”, `no`, “peepe” ndi “batili”. Mu RapidPro, pulogalamu yolembera njira zoterezi imene UNICEF inatulutsa mu 2014, mawu onsewa mumawaika pa lamulo lotchedwa `has any of the words`. Simukufunika kumasulira chatiboti yonse m'Chitonga kuti imve “inzya”. Ndi mawu ochepa chabe, ndipo amapulumutsa anthu ambiri.

Vuto lachiwiri ndi kalembedwe. Mabuku a sukulu a mu Zambia amalemba Cinyanja ndi c yekha, a ku Malawi amalemba ch. Ena amalemba maliro, ena malilo. Ndiponso chinenero chathu chimamata tizidutswa kutsogolo kwa mawu: kumaliro, pamalilo, zamaliro. Lamulo lofufuza mawu athunthu likayang'ana “maliro” silidzaona “kumalilo”. Mungalembe mitundu yonse pamanja, kapena kugwiritsa ntchito `matches regex` ndi kachidutswa aka, kamene kamagwira l ndi r ngakhale mawuwo ali mkati mwa ena:

```
mali[lr]o
```

Vuto lachitatu ndi mawu a matanthauzo awiri, ndipo limaonetsa bwino chifukwa chake ntchitoyi imafuna mwini chinenero. “Bwanji” ndi moni, komanso ndi funso. Ngati mwauza chatiboti kuti ikaona “bwanji” ipereke moni, munthu wolemba “nizalipila bwanji” adzayankhidwa kuti “Takulandirani”. Malamulo amayesedwa motsatana, ndipo loyamba kugwira ndi limene limapambana. Choncho ikani pamwamba malamulo a nkhani, monga maliro, kulipira ndi zotayika, ndipo la moni likhale pansi. “Zikomo” nayenso ndi chimodzimodzi. Wolemba woganiza m'Chizungu amamutenga ngati `thanks` n'kutseka kukambirana. Koma ife timanenanso zikomo popempha njira kapena poyamba kulankhula ndi wamkulu. Zikomo wa m'meseji yoyamba ndi kugogoda pakhomo, ndipo umayankhidwa ndi menyu. Zikomo wobwera chidziwitso chitalandiridwa ndiye kutsazika.

Ikalephera kumva

Ngakhale mutalemba mawu ochuluka bwanji, tsiku lililonse padzabwera meseji imene sinagwidwe ndi lamulo lililonse. RapidPro imaiponya m'gulu lotchedwa `Other`, ndipo chimene mwalumikiza ku gulu limeneli ndicho khalidwe lenileni la chatiboti yanu. Ambiri amalumikizako `Invalid input` n'kubweza menyu yomweyo, mobwerezabwereza mpaka bandulo ya munthu ithe. Ganizirani mayi amene mlongo wake wamwalira usiku, walemba nkhani yonse m'mizere isanu, dzina, nyumba ya maliro, tsiku loika, ndipo wauzidwa kuti zimene walembazo n'zosayenera. Mayiyo sadzabweranso, ndipo adzauza anzake a ku tchalitchi.

Yankho la kulephera likhale la masitepe atatu, ndipo lisabwereze mawu omwewo. Koyamba, chatiboti itenge mlandu ndi kusonyeza njira:

```
Pepani, sitinamve bwino. Kuti tikuthandizeni msanga,
lembani nambala imodzi, monga 1 ngati ndi maliro.
```

Onani kuti akuti “sitinamve”, osati “mwalakwitsa”. Wolephera ndi makina. Kachiwiri, musabwezenso menyu yonse. Mwina vuto ndi chinenero, mwina nkhani yake mulibe m'menyu, choncho mupatseni zosankha ziwiri zokha, `English` kapena `Ndifuna munthu`. Kachitatu, lekani kufunsa. Pitirizani nkhaniyo kwa munthu ndipo nenani zoona za nthawi:

```
Uthenga wanu tausunga, simufunika kulembanso.
Mnzathu wa pa wailesi adzakuyankhani
pakati pa 08:00 ndi 17:00.
```

Kuti izi zitheke, pamafunika kakauntala kowerenga kulephera, kamene kamabwerera pa 0 munthu akayankha zomveka. Pamafunikanso munthu weniweni amene dzina lake lili pa ndandanda ya tsikulo. Pali chifukwa china chofulumirira: pa WhatsApp Business Platform mungayankhe momasuka mkati mwa maola 24 kuchokera pa meseji yomaliza ya munthuyo. Nthawiyo ikapita, mumangololedwa kutumiza mameseji okonzedweratu amene kampaniyo inavomereza. Uthenga wa Chisanu madzulo umene waonedwa Lolemba wachedwa kawiri, chifukwa khomo latsekeka ndipo maliro anaikidwa kale.

Kukhala ndi munthu kumbuyo si chinthu chachilendo m'dziko muno. U-Report ya Zambia, imene inayamba mu 2012 pa nambala ya 878 ndi thandizo la UNICEF ndi National AIDS Council, inkalembetsa achinyamata ndi kuwatumizira mafunso kudzera m'makina, koma mafunso awo okhudza HIV ankayankhidwa ndi aphungu, anthu enieni. Makina anagwira ntchito yobwerezabwereza, anthu anagwira yofuna mtima.

Pali mameseji ena amene sayenera kudikira masitepe atatuwo. Nambala ya wailesi ikadziwika, wina adzalembapo usiku kuti akumenyedwa kapena kuti akufuna kudzipha, chifukwa ndi nambala yokhayo imene ali nayo. Mawu ngati “kudzipha”, “animenya” ndi “kugwiririra” akhale pa lamulo la pamwamba pa onse. Yankho lake lisakhale menyu. Lipereke 116 ya ana, 933 ya nkhanza za m'banja ndi 991 ya polisi, ndipo lidziwitse munthu wa pa ntchito nthawi yomweyo.

Ngakhale pamene zonse zayenda bwino, mawu atsatire nkhani. Wosankha 1 asamve “Zikomo posankha maliro”. Ayambe wamva “Pepani ndi zovutazi”, kenako afunsidwe funso limodzi pa meseji iliyonse: dzina la malemu, kumene kuli nyumba ya maliro, tsiku loika. Pomaliza chatiboti imuonetse zonse kuti avomereze, chifukwa dzina la malemu likatchulidwa molakwika pa wailesi, banja siliiwala.

Zimene ena anganene

Wina anganene kuti bwanji osangogwiritsa Chizungu, popeza menyu za ndalama tinazizolowera m'Chizungu. Zoona, koma menyu ya ndalama tinailoweza pamtima ngati njira ya ku msika, ambiri sitiwerenganso. Chidziwitso cha maliro munthu amatumiza mwa apo ndi apo, ali wosokonezeka, ndipo pamenepo amalemba m'chinenero cha kunyumba.

Wina anganene kuti Livingstone ndi dziko la Atoka ndi Aleya, mmenenso Chitonga ndi Chilozi zili ndi mizu, nanga Chinyanja chikhaliranji patsogolo? Funso ili n'lolemera ndipo sindilipeputsa. Chinyanja chimamveka kwambiri m'misika ndi m'matakisi a m'tauni muno, koma si cha onse. Yankho langa ndi lakuti yambani ndi zinenero ziwiri zimene mungazisamalire bwino, koma mangani njirayo mosiyira malo chachitatu ndi chachinayi. Mawu onse akhale m'tebulo, mzere uliwonse meseji imodzi, chinenero chilichonse ndi danga lake. Mukapeza wolankhula Chitonga kapena Chilozi woti alembe ndi kuyesa, mumangowonjezera danga ndi nambala pa meseji yoyamba. Kuika chinenero chomasuliridwa mwachisawawa kuti menyu ioneke yaitali ndi mwano woposa kusachiika.

Winanso anganene kuti mapulogalamu atsopano a nzeru za makina amamva chilichonse, ndiye menyu n'zachikale. Mapulogalamuwo anaphunzira kwambiri ku Chizungu, ndipo Chinyanja cha m'tauni cholembedwa ndi chala chimodzi chimawavuta. Choipa kwambiri n'chakuti akapanda kumva amatha kuyankhabe molimba mtima. Menyu ikalephera imavomera kuti sinamve. Pa tsiku loika maliro kapena pa mtengo wa chidziwitso, kuvomera kumeneko n'kwabwino kuposa yankho lokoma koma labodza.

Mmene mungadziwire ngati ikugwira ntchito

Musanalembe chilichonse pa kompyuta, lembani meseji iliyonse pa kapepala kake. Pezani anthu asanu amene sanaionepo, pakhale wamkulu mmodzi ndi wina amene Chinyanja si chinenero chake choyamba. Inu khalani chatiboti: muwapatse kapepala, alembe yankho, inu mutsatire malamulo anu okha osawathandiza ndi pakamwa. Pamene mwamva kufuna kunena kuti “ayi, apa ndimatanthauza kuti”, pamenepo ndi pofunika kulembanso.

Ikayamba kugwira ntchito, sabata iliyonse tsegulani gulu la `Other` ndi kuwerenga. Tinene kuti mwa mayankho 200, okwana 50 agweramo. Ndiye kuti limodzi mwa anayi alionse silinamvedwe. Agaweni m'milu. Ngati mulu waukulu ndi “ee” wolembedwa mwa njira ina, wonjezerani mawu. Ngati ambiri akufunsa chinthu chimodzi, monga kupempha nyimbo, menyu yanu ikusowa chosankha. Ngati ambiri amasiya pa funso limodzi osayankhanso, funsolo n'lovuta kapena likupempha chinthu chimene anthu safuna kupereka, monga nambala ya NRC. Funsani ngati mukuifunadi, pokumbukira kuti lamulo la Data Protection Act la 2021 limakupatsani udindo pa zinsinsi za anthu zimene mwasunga.

Choncho mukapatsidwa ntchito yopanga chatiboti, yambirani kumapeto. Lembani kaye mayankho atatu a kulephera, ndipo gwirizanani ndi eni ntchito za amene adzayankhe munthu akadina `0`, ndi maola ake. Ngati palibe amene wavomera udindo umenewo, auzeni kuti chatiboti sinakonzeke, ngakhale moni wake utakoma chotani.